Ekisitenshoni yomwe inasungunuka m'shopu mwanga ku Zingwangwa

Pulagi ya mano atatu yomwe timagwiritsa ntchito kuno ku Malawi inapangidwa kuti izidutsa mphamvu yosaposa maampu 13, ndipo popeza magetsi a ESCOM amafika m'nyumba ndi m'mashopu mwathu ali pa mavoliti 230, katundu yense amene pulagi imodzi ingathe kusenza ndi wa mawati pafupifupi 3,000. Ekisitenshoni ikhale ndi masoketi anayi kapena khumi, magetsi ake onse amadzera pa pulagi imodzi yomweyo ndi m'chingwe chimodzi chomwecho, choncho kuchuluka kwa masoketi sikuwonjezera chilichonse pa mphamvu yake. Zimenezi ndinazimvetsa bwino m'mwezi wa Juni wa chaka china, ekisitenshoni ya m'shopu mwanga itasungunuka, ndipo ndikulemba zomwe zinapezeka titaifufuza chifukwa mashopu ambiri omwe ndimalowamo ku Ndirande, ku Bangwe ndi mu Limbe analumikizidwa mofanana ndi mmene yanga inalili.

Shopu yanga ndi chipinda chimodzi cha lendi. Ndimagulitsamo zinthu za m'golosale, zakumwa zozizira ndi mafirizesi, komanso ndimapanga fotokope, kumata mapepala m'pulasitiki, kutchaja mafoni ndi kukazinga mbuliwuli pakhonde. Mwini nyumba pomanga anaikamo masoketi apakhoma awiri okha, ina kuseri kwa kauntala ndipo ina pafupi ndi chitseko. Ya pachitseko inkatumikira makina a mbuliwuli ndi laminetala yomatira mapepala m'pulasitiki, pomwe zina zonse zinkadalira ekisitenshoni ya masoketi 6 yomwe inalowa m'soketi ya kuseri kwa kauntala. Pa ekisitenshoniyo panali difirizi, firiji ya zakumwa, makina a fotokope, fani ndi ekisitenshoni yachiwiri yonyamula matchaja a mafoni, ndipo soketi imodzi yotsala ndi imene tinkalowetsamo ketulo tikafuna tiyi.

Kwa masabata angapo panali kafungo kena kuseri kwa kauntala, konga nsomba yoyamba kuwonongeka, ndipo mwana wa mchemwali wanga amene amandithandiza kugulitsa anatsuka difirizi kawiri poganiza kuti m'menemo ndi momwe mukuchokera fungolo. Tsiku lina la chiperoni, pomwe ketulo inali ikubwatitsidwa pafupipafupi chifukwa cha kuzizira, iye anamva kuthetheka pansi pa kauntala, ndipo atathimitsa pakhoma n'kukoka ekisitenshoniyo anapeza kuti pulagi ya ketulo yamatirira m'soketi mwake, pulasitiki yozungulira bowo limodzi yada ndi kulobodoka, ndipo chingwe chonse chinali chofunda kwambiri moti sichinkagwirika bwino. Pambali pake panali makatoni a mabisiketi ndi mapepala a fotokope. Fyuzi sinapse ndipo buleka sinagwe.

Wamagetsi amene ndinamuitana, bambo wachikulire yemwe ali ndi chiphaso cha MERA, sanayambe ndi kukonza chilichonse. Anapempha pepala ndi cholembera, ndipo anandiuza kuti titembenuze chipangizo chilichonse kuti tiwerenge kachikwangwani komwe kamakhala kumbuyo kapena pansi pake. Pa kachikwangwaniko pamakhala nambala yotsatiridwa ndi chilembo cha W, yomwe ndi mawati, kapena ya chilembo cha A, yomwe ndi maampu. Pakalembedwa maampu okha, mumachulukitsa nambalayo ndi 230 kuti mupeze mawati, ndipo mukakhala ndi mawati mumagawa ndi 230 kuti mupeze maampu. Difirizi yanga inali ya mawati 150, firiji ya zakumwa 250, makina a fotokope 1,200, fani 50, ndipo matchaja makumi awiri tinawawerengera mawati 10 iliyonse, kukhala 200. Zonse pamodzi zinakwana mawati 1,850, omwe ndi maampu 8. Ketulo payokha inali ya mawati 2,000, kotero kuti ikayatsidwa pomwe fotokope ikusindikiza, katundu yense ankafika pa mawati 3,850, pafupifupi maampu 17.

Chinandidabwitsa pa masamu amenewa n'chakuti zipangizo zomwe ndinkaziwona ngati zazikulu, monga difirizi yomwe amainyamula amuna awiri, sizinali kudya magetsi ambiri, ndipo matchaja makumi awiri omwe zingwe zake zinkaoneka zoopsa chifukwa cha kupiringizana anali kudya gawo limodzi mwa magawo khumi a zomwe ketulo imodzi imadya. Chipangizo chilichonse chomwe ntchito yake ndi kutenthetsa ndicho chimakoka mphamvu yaikulu: ketulo, simbi, hotipuleti, makina a mbuliwuli, chowumitsira tsitsi cha m'saluni. Makina a fotokope nawo ali m'gulu lomweli ngakhale saoneka choncho, chifukwa mkati mwake muli chogudubuza chotentha chomwe chimamata inki yaufa papepala, ndipo n'chifukwa chake pepala limatuluka lofunda.

Kenaka bambo aja anatenga chingwe cha ekisitenshoniyo n'kuchiyandikitsa pa kuwala kwa pakhomo kuti awerenge zolembedwa pa khungu lake. Ngakhale pa bokosi la masoketi panalembedwa 13A, pa chingwe panalembedwa 0.75mm², kutanthauza kunenepa kwa waya wa mkati. Waya wa mamilimita 0.75 ndi woyenera maampu 6 okha, omwe ndi mawati pafupifupi 1,400, wa 1.0 ndi wa maampu 10. Ndipo kuti chingwe chisenze maampu 13 onse, wayayo ayenera kukhala wa 1.25 kapena 1.5. Ndiye kuti ngakhale ketulo isanalowe, mawati 1,850 aja anali atapyola kale malire a chingwecho nthawi iliyonse yomwe fotokope ikugwira ntchito.

Apa m'pamene pali chinthu chomwe ambiri sitichidziwa, chakuti kutentha kwa waya sikukwera mofanana ndi katundu. Katundu akawirikiza kawiri, kutentha kumawirikiza kanayi, ndipo akawirikiza katatu, kutentha kumawirikiza kasanu ndi kanayi, chifukwa kumatsata maampu atachulukitsidwa ndi iwo okha. Chingwe changa cha maampu 6 chinkadutsa maampu pafupifupi 17, kutanthauza katundu wowirikiza pafupifupi katatu, ndipo kutentha komwe chinkatulutsa kunali kowirikiza pafupifupi kasanu ndi katatu kuyerekeza ndi komwe chinapangidwira. Ketulo imabwata kwa mphindi zitatu kapena zinayi zokha, n'chifukwa chake chingwecho sichinayake tsiku loyamba, koma kutentha ndi kuzizira kobwerezabwereza kumaumitsa pulasitiki yokuta waya mpaka imayamba kung'aluka, ndipo kafungo ka nsomba kaja n'komwe pulasitiki ina ya zamagetsi imatulutsa ikamapsa pang'onopang'ono.

Ndinawafunsa kuti nanga fyuzi ya m'pulagi ntchito yake n'chiyani ngati sinapse pa zonsezi. Iwo anaitulutsa n'kundionetsa kuti inali yabwinobwino, yabulawuni, ya maampu 13.

“Mayi, fyuzi iyi sinalakwe,” anatero. “Fyuzi ya 13 siipsa pa 14 kapena pa 17. Ikhoza kudutsa maampu 20 kwa theka la ola osaduka, ndipo ketulo yanu imakhala itathima kale nthawi imeneyo isanakwane. Buleka ya pa bolodi lanu ndi ya 20, ndipo inaikidwa kuti iteteze waya wa m'khoma, osati kachingwe aka. Kwa iyo maampu 17 ndi ntchito ya tsiku ndi tsiku.”

Mawu amenewa ndi amene ndimafuna kuti aliyense wa shopu awamve, chifukwa ambiri timakhulupirira kuti ngati buleka sikugwa ndiye kuti zonse zili bwino. Fyuzi ndi buleka zimathandiza msanga mawaya akakhudzana, pomwe mphamvu imakwera kwambiri mwadzidzidzi, koma katundu wopyola malire pang'ono zimamulekerera kwa nthawi yaitali, ndipo chingwe chowonda chikhoza kupsa zonse ziwiri zili chete. Chingwe cha mamilimita 0.75 chinayenera kukhala ndi fyuzi yosaposa maampu 5, ndipo ikanakhala imeneyo ikanapsa tsiku loyamba lomwe tinalowetsa ketulo. Zimakhala zoipa koposa pamene fyuzi yapsa wina n'kuikulunga ndi pepala lonyezimira la m'paketi ya ndudu kapena kuikamo kawaya, chifukwa akatero wachotsa ndi chitetezo chochepa chomwe chinalipo. Mapulagi a mano ozungulira omwe amabwera ndi katundu wochokera ku South Africa alibe fyuzi n'komwe, ndipo maadaputala ambiri aang'ono, aja amakona anayi olowa mwachindunji pakhoma, alibenso.

Koma kulemera kwa katundu sikunali chifukwa chokhacho, pakuti kukanakhala kokhako bwenzi chingwe chitafunda chonse popanda bowo limodzi kusungunuka. Bambo aja atamasula bokosi la masoketi anandionetsa tizitsulo tomwe timapana mano a pulagi. Ekisitenshoni yanga inali ya mtundu uja wa mabowo otambalala, womwe umalandira pulagi ya dziko lililonse, ya mano ozungulira, aphwatalala kapena amakona. Kuti ithe kulandira mitundu yonseyi, tizitsulo take sitipana bwino mtundu uliwonse, ndipo dzino la pulagi limangokhudza pa kamalo kochepa. Magetsi ambiri akamadutsa pa kamalo kochepa chotero pamatentha, kutenthako kumafooketsa tizitsulo n'kutichititsa dzimbiri lakuda, ndipo tikafooka timapana mochepa koposa kale, kotero kuti kutentha kumawonjezereka. Pamapeto pake moto umayamba kulumpha pakati pa dzino ndi kachitsulo, ndipo ndiko kuthetheka komwe mwana uja anamva. Vuto la mtundu umenewu fyuzi silingaliwone ngakhale ikhale yoyenera, chifukwa maampu sakwera, kutentha kumangounjikana pamalo amodzi.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Pulagi yabwino imafuna mphamvu pang'ono poilowetsa ndi poizula, ndipo ikalowa siigwedera. Ngati chipangizo chimathima ndi kuyaka mukagwedeza pulagi, kapena mumachita kuipsinja ndi botolo kuti igwire, soketi imeneyo yatha ndipo siyenera kupatsidwanso ntchito. Chizolowezi chotsegula soketi ya mano atatu ndi kiyi kapena kamtengo ka machesi kuti mulowe pulagi ya mano awiri ozungulira chimakulitsa tizitsulo timeneti, ndipo pulagi yoyenera ikadzalowa pambuyo pake imakhala yokhwepa. Kwa chipangizo chokhazikika m'shopu ndi bwino kudula pulagi yachilendoyo n'kuikapo ya mano atatu yokhala ndi fyuzi: waya wabulawuni amapita ku dzino la fyuzi, wabuluu ku dzino linalo, ndipo wobiriwira wosakanikira ndi chikasu amapita ku dzino lalitali lapamwamba, lomwe ndi la ethi, waya wopititsa pansi magetsi otayikira kuti asagwire munthu. Ethi imeneyi ndi yofunika kwambiri pa difirizi ndi firiji, zomwe thupi lake ndi lachitsulo ndipo timazigwira ndi manja onyowa; maekisitenshoni ena otchipa amakhala ndi mabowo atatu koma mawaya awiri okha m'chingwe, ndipo difirizi ikayamba kunyerenyetsa dzanja mukaigwira, ithimitseni pakhoma mpaka wamagetsi aione.

Zomwe tinachita pokonza ndi izi. Nditagwirizana ndi mwini nyumba kuti mtengo wake tiuchotse pa lendi, bambo aja anawonjezera masoketi apakhoma atatu a malo awiriawiri, ndi waya wa mamilimita 2.5 wodutsa m'mapaipi. Difirizi ndi firiji zinalowa pakhoma mwachindunji, chifukwa ngakhale zimadya pang'ono, ndizo zimagona zikuyaka usiku pomwe m'shopu mulibe munthu wonunkhiza fungo, komanso injini zake zimakoka mphamvu yowirikiza kangapo pa kanthawi kochepa zikamadzuka. Fotokope inapeza soketi yake, ketulo yake, makina a mbuliwuli anatsala pachitseko. Pa ekisitenshoni panatsala matchaja ndi fani basi, mawati 250, ndipo ekisitenshoni yachiwiri inasiya kulowa m'inzake koma inapita pakhoma payokha. Kulumikiza ekisitenshoni m'inzake kumaunjika katundu yense pa chingwe choyamba ndipo kumawonjezera malo omwe angakhwepe, pomwe munthu woyang'ana ya kumapeto amangowona mabowo opanda kanthu.

Masoketi atsopanowo sanathetse masamu, anangowasunthira pa bolodi. Titaphatikiza zonse za m'shopu, kuwonjezerapo makina a mbuliwuli a mawati 1,200 ndi laminetala ya mawati 400, tinapeza mawati 5,450, pafupifupi maampu 24, pomwe buleka ya masoketi onse ndi ya maampu 20, omwe ndi mawati 4,600. Panali njira ziwiri, kukoka mzere wachiwiri kuchokera pa bolodi ndi buleka yakeyake, kapena kusinthanitsa nthawi yoyatsira zipangizo. Ndinasankha yachiwiri chifukwa cha ndalama, ndipo lamulo la m'shopu mwanga ndi lakuti ketulo siyatsidwa pomwe makina a mbuliwuli akukazinga. Popanda ketulo katundu amatsika kufika pa mawati 3,450, omwe ndi maampu 15, ndipo ketulo ikayaka mbuliwuli itathima amakhala mawati 4,250, omwe akadali pansi pa malire. Kuchotsa buleka ya 20 n'kuikapo yaikulu kuti isamagwe, monga ena amachitira, ndi kuchita pa waya wa m'khoma zomwe zinachitika pa chingwe changa.

Pogula ekisitenshoni yatsopano sindinayang'ane kukongola kwa bokosi kapena timagetsi tofiira ta pamaswitchi. Ndinawerenga pa chingwe penipeni kufunafuna 1.25mm² kapena 1.5mm² ndi nambala 3 yosonyeza kuti mawaya ndi atatu, ndinaona ngati pa pulagi ndi pa masoketi palembedwa BS 1363, ndipo ndinasuzumira m'mabowo awiri apansi kuti ndione ngati ali ndi titseko totseka, tomwe timatseguka dzino lalitali likalowa. Zolembedwa zimatha kukhala zabodza, choncho ndi bwino kuinyamula m'manja. Chingwe chonenepa koma chopepuka chimasonyeza kuti pulasitiki ndi yambiri ndipo waya ndi wochepa, kapena kuti wayayo ndi aluminiyamu wopakidwa kopa pamwamba, yemwe amadutsa magetsi movutikira ndipo amatentha msanga kuposa kopa weniweni. Wamagetsi amamuzindikira pomupala ndi mpeni, chifukwa mkati mwake mumaoneka moyera. Ekisitenshoni yabwino imadula kuposa zija zoyalidwa pansi m'mbali mwa msewu, koma kwa amene amangotchaja mafoni ngakhale yaing'ono imakwanira malinga fyuzi yake ikugwirizana ndi chingwe. Yangayo tinaikhomera pakhoma pamwamba pa kauntala, kutali ndi madzi okolopera ndi otsika ku difirizi magetsi akathima, ndipo chingwe chake sichidutsanso pansi pa makatoni kapena matumba a shuga, pomwe kutentha kumasowa kotulukira ndipo makoswe amatafuna osaoneka. Amene amakoka magetsi ndi chingwe chachitali chokulungidwa pa gudumu kupita pakhonde ayenera kuchitambasula chonse asanayatse chipangizo chotenthetsa, chifukwa chikakhala chokulunga chimaloledwa kusenza gawo lochepa chabe la katundu wake, ndipo nambala ziwirizo zimalembedwa pa gudumupo.

Magetsi akathima masana, chinthu choyamba chomwe timachita ndi kuthimitsa pakhoma makina a mbuliwuli, laminetala, fotokope ndi ketulo, chifukwa akhoza kubwera titatseka kale shopu, n'kupeza chipangizo chotenthetsa chili choyatsa popanda wochiyang'anira. Difirizi ndi firiji zili ndi kabokosi koziteteza komwe kamadikira mphindi zingapo magetsi akabwera kasanaziyatse. Madzulo potseka timazula ekisitenshoni ya matchaja, ndipo mafoni a makasitomala sagona akutchajidwa.

Loweruka lililonse, nthawi ya masana pomwe zipangizo zambiri zayaka kwa theka la ola kapena kupitirira, ndimayenda ndi kuseri kwa dzanja kukhudza pulagi iliyonse, nkhope ya soketi ndi chingwe pamene chikulowera m'pulagi. Pulagi ya ketulo kapena ya makina a mbuliwuli imatha kufunda pang'ono ndipo zimenezo si zachilendo, koma ikatentha moti dzanja silingakhalepo, kapena ikatentha kuposa sabata yatha pa katundu yemweyo, ndiye kuti sikuluwu ya mkati yakhwepa kapena tizitsulo ta m'soketi tafooka. Zikatero ndimathimitsa, kuzula, ndi kuyang'ana mano a pulagi ngati ada kapena ngati pulasitiki yowazungulira yasanduka yachikasu. Pulagi ndi soketi zotere zimasinthidwa zonse ziwiri, chifukwa pulagi yatsopano ikalowa m'soketi yopsa imawonongekanso posachedwa. Utsi ukaoneka, mwana wa mchemwali wanga amadziwa kuti akathimitse switchi yaikulu ya pa bolodi, yomwe njira yake sitiitchinga ndi makuleti, ndipo asathire madzi. Pafupi ndi chitseko pali chozimitsira moto cha ufa ndi ndowa ya mchenga wouma.